Chikamwini cha matapeti

Kwathu kummawa mwamuna akakwatira amapita kukakhala kwa mkazi, n'kumalimira apongozi. Ine chikamwini changa ndinachitira mu Lusaka, ndipo munda umene anandipatsa unali wa matayala anayi.

Ntchito yolembedwa ndinalibe. Ndinali munthu wa malonda a m'manja. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene ukaona anthu ali pamzere unkayamba waima nawo kaye, kenako n'kufunsa chimene akugulitsa. Sopo akasowa m'masitolo ine ndinkadziwa khomo lakuseri limene ankatulukira, ndipo pa nkhani yonenerera mtengo ndinkadzitama kuti ndingamutsitse munthu mpaka iye mwini andithokoze. Koma pakamwa sipabereka nyumba. Mu Lusaka wa masiku amenewo nyumba yabwino inkabwera ndi ntchito, ndipo pamene mwini kachipinda kathu ka lendi ku Chunga anafuna kuikamo mwana wake, ine, mkazi wanga ndi khanda tinapezeka tili panja ndi mabeseni.

Anatitola ndi mlongo wake wa mkazi wanga, mwini mbumba, amene anali wamkulu ndithu mu ofesi ina ya boma. Ankakhala m'nyumba ya boma ku Woodlands, ndipo kuseri kwake kunali kanyumba ka antchito kamene aliyense ankangokatchula kuti kota. Chipinda chimodzi, mpope panja, chitseko chokhoma bwino. Za lendi alamu anga sanatchule. Anangonena mofatsa kuti popeza ndili ndi laisensi, ndiponso ndimadziwana ndi anthu, ndiziwayang'anirira galimoto ndi kuwaperekeza ku ntchito. Ndinavomera ndi manja awiri. Munthu wonenerera mitengo ngati ine ndinayenera kudziwa kuti chinthu chimene sanakuuze mtengo wake ndiye chodula.

Galimotoyo inali yoyera, yachifalansa, ya mtundu uja unali mbwee m'misewu nthawi imeneyo. Inali itayenda kale mokwanira isanafike m'manja mwawo. Alamu sanali munthu wankhanza. Sankakalipa. Akakhumudwa ankangopukuta magalasi awo n'kunena kuti, "Tiona." Mkazi wanga ndiye anandimasulira mawu amenewa usiku woyamba. Anati m'kota muja ife tisanalowe munkakhala msuweni wawo, amene ankayang'anira galimoto yoyamba. Galimoto imeneyo inayamba kugogoda, msuweni n'kumati n'kaphokoso kachabe, mpaka injini inafera panjira ya kumudzi, oyilo atauma. Alamu anapukuta magalasi, nati tiona. Sabata isanathe msuweni anali pa basi.

Miyezi yoyamba zonse zinayenda. Ndinkawasiya ku ofesi, n'kuimika galimoto pamthunzi, n'kupita wapansi kukasaka za malonda anga m'tauni. Kenako inafika Juni, ndi chisanu chija cha Lusaka cholowa m'mafupa. M'mawa wina nditaliza injini, pansi pa boneti panamveka kete kete kete kete, kaphokoso kopepuka, kofulumira, ngati munthu akugogoda mbale ndi supuni. Ndikaponda mafuta kankathamanga, ndikasiya kankachedwa. Alamu anapendeketsa mutu.

"Alamu, mukumva?"

Ndinati ndikumva. Tinayenda, ndipo tisanafike pakati pa ulendo kaphokoso kaja kanali katazilala, injini ikungong'ung'udza bwinobwino. Ndinaloza kuti onani kasiya. Iwo anati chinthu chimene chimabwera chokha n'kupita chokha ndi chimene amachiopa kwambiri.

Ndinayamba ndi zimene ndinkadziwa. M'mawa mwake, galimoto ili pamalo osapendekeka ndiponso injini isanalire, ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kukapukuta, n'kukabwezera, n'kukasololanso. Oyilo anali atatsika mpaka pa mzere wapansi. Ndinaona nkhope ya msuweni amene sindinakumane naye. Injiniyo inkanyambita oyilo pang'onopang'ono, wina n'kumatuluka thukuta m'mbali mwa chivundikiro cha pamwamba. Oyilo m'malo omwetsera mafuta munalibe, koma ndinamupeza kwa munthu wina wogwira ntchito pa malo okonzera mabasi, amene ankafuna mafuta ophikira a ukwati wa mwana wake. Tinasinthana, aliyense akuganiza kuti wamudyera mnzake. Nditathira mpaka pa mzere wapamwamba, kaphokoso kanafupika. Kankasiya msanga kuposa kale. Koma m'mawa uliwonse kanali pomwepo, kete kete kete, kutipatsa moni.

Ndiye ndinapita nayo ku Kabwata. Kumeneko kunali makaniko wina wogwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango, Mbemba wochokera ku migodi, wamimba, wopanda dzino limodzi lakutsogolo. Ife akummawa ndi Abemba tili pa chimbuya, timatukwanana mwaulere popanda wokwiya, ndipo iyeyu mwayi umenewu sankauphonya. Nditafika injini inali yotentha kale, ili phee. Anamvetsera, nandiyang'ana.

"Shani, ba kudya mbewa? Mwabweletsa odwala atachila kale?"

Ndinamuuza kuti anyani amene anadya ali mwana anamutseka makutu. Anati tidikire izizire, chifukwa matenda a m'mawa sapimidwa masana. Tinatsegula boneti n'kukhala pa matayala akale mpaka dzuwa linapendeka. Itazizira ndithu anailiza, kete kete kete, natenga sikuludilaiva yaitali, nsonga n'kuika pa injini, chogwirira n'kuika kukhutu. Anayamba pansi, kenako pamwamba, akusuntha pang'onopang'ono. Anati pansi pali bwino. Kugogoda kwa pansi, kumene kunapha galimoto ya msuweni, n'kolemera, gu gu gu, ndipo injini ikatentha kumakula chifukwa oyilo amapyapyala. Aka n'kapamwamba, matapeti.

Anazimitsa, nachotsa chivundikiro. Kanali koyamba kuti ndione m'kati mwa munda wanga. Munali timikono tachitsulo tondondozana, timene iye ankatitcha maroka, kalikonse kogwira pamutu pa valavu yake. Mavalavu ndiwo zitseko za injini, ena olowetsa mafuta ndi mpweya, ena otulutsa utsi. Anandionetsa kuti pakati pa roka ndi mutu wa valavu pamasiyidwa kampata kakang'ono dala, kongokwana kachitsulo kopyapyala ngati lezala. Kugogoda kwa pampata pamenepa ndiko ankati matapeti. Injini ikatentha valavu imatalika n'kudya kampatako. N'chifukwa chake kaphokoso kamamveka kukazizira, mpata uli wonse ndiponso oyilo asanakwere bwino, n'kumazilala zitsulo zikafunda.

Anatulutsa timipeni take toyezera, tomangidwa pamodzi ngati makiyi, napima valavu iliyonse, akuzungulitsa injini ndi dzanja kuti imene akuipimayo ikhale yotsekeka. Ziwiri zinali zotayirira pang'ono, anazikonza. Koma pa valavu yotulutsa utsi ya silinda yachitatu anaima. Anamasula, napendeketsa roka, nandiuza ndipisepo chala. Pansonga pake panali kadzenje kosalala, kodyeka ndi zaka. Anati kampeni koyezera kamadutsa pamwamba pa kadzenjeko ngati mlatho, n'kumanena kuti mpata uli bwino, pamene mutu wa valavu umalowa m'kadzenjemo ndipo mpata weniweni ndi wokulirapo. Mankhwala ake ndi roka ina, ndipo roka ina mu Lusaka munalibe. Anati ndiisiye izilira, siipha munthu, bola oyilo asamatsike.

Apa matenda anga anadzuka. Ndinayamba kunenerera. Ndinati amange pang'ono chabe, kaphokoso kathe, bwana agone tulo. Anakana. Ndinati theka la pang'ono. Ndinatchula sopo. Ndinatchula shuga.

"Ba mulamu, apa si pa msika," anatero, akupukuta manja. "Mukamanga mpaka ikhale zii kukali kozizila, ikapya valavu siitsekeka. Moto uzapita m'mbali, uzaidya. Tapeti yolila ili moyo. Yamene ili chete ndiye muziiyopa."

Madzulo ndinafotokozera alamu zonsezi, nditaima pakhonde, iwo atakhala. Ndinafotokoza bwino, ndi manja omwe, kampata, kadzenje, mlatho. Anamvetsera mpaka kumapeto, chifukwa anali munthu womvetsera. Kenako anati iwo za injini sadziwa, ndipo sanganamizire kudziwa. Chimene akudziwa n'chakuti mawu akuti kaphokoso kachabe anawamvapo kale, pakhonde lomwelo, kuchokera kwa munthu amene anaima pamene ndinaima inepo. Anavula magalasi.

"Ikapitiriza kulira, alamu, tiona."

M'kota muja ndinayenda uku ndi uku, ngakhale kuti malo oyendamo anali masitepe ochepa. Ndikaisiya ilire, tiona. Ndikaimanga, valavu ipsa, tiona. Mkazi wanga anandifunsa ngati palibe njira yapakati, popeza ine ndimati chilichonse chili ndi mtengo wapakati. Ndipo ndinaipeza, kapena ndinaganiza kuti ndaipeza. Alamu sankadana ndi mpata. Ankadana ndi phokoso. Phokoso linali la injini yozizira. Ndiye bwanji asamakumane nayo yozizira?

Ndinawauza kuti ndabwerera kwa makaniko ndipo wakonza. Makiyi ankagona kwa ine, chifukwa ndinkatsuka galimoto m'mawa. Kuyambira pamenepo ndinkadzuka kusanayere bwino, n'kutsegula geti mosaliza unyolo, n'kumasula buleki. Bwalo linali lotsetserekera kumsewu pang'ono, koma poyambira pankafunika wokankha, ndipo wokankhayo anali mkazi wanga, mwana ali kumsana, chitenje chili pakamwa chifukwa cha chisanu. Ndinkatsetsereka nayo mpaka pa mphambano, kutali ndi zenera la alamu, n'kuiliza kumeneko. Ndinkakhala m'menemo, manja m'khwapa, kumvetsera kete kete mpaka atatopa yekha. Kenako ndinkabwerera nayo, n'kuyamba kuitsuka ngati munthu wakhama. Alamu akatuluka ankapeza injini yofunda, yaulemu. Anandiyamikira. Anauza akazi awo kuti alamu awa ndi osiyana ndi ena aja.

Petulo wotenthetsera injini ankachokera m'thumba mwanga, chifukwa alamu ankayang'ana muvi wa mafuta ngati mmene ankayang'anira wotchi ya ku ofesi. Phindu la sopo linkathera m'botolo limene ndinkathira mobisa. Alonda a nyumba zoyandikana anayamba kundipatsa moni wachilendo, wa anthu odziwa kanthu. Mmodzi anandifunsa ngati ndikuiba galimotoyo pang'onopang'ono, tsiku lililonse kufika nayo patsogolo pang'ono. Sindinkatha kudwala, sindinkatha kugona kumaliro, sindinkatha kupita kulikonse kumene sindikanabwerako kusanache. Ine amene ndinkati palibe angandigwire, ndinali womangidwa ndi kampata kosakwana n'chikhadabo chomwe.

Zinatha tsiku limene antchito a boma anauzidwa kuti akakhale ku bwalo la ndege m'mamawa, kukalandira alendo a chipani. Alamu anaiwala kundiuza. Ndikutsegula geti, mkazi wanga manja ali kale pa buti, tinamva chitseko cha kukhitchini. Anatuluka atavala suti yawo ya safari, nsapato zikuwala. Anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana ine, natambasula dzanja. Ndinawapatsa makiyi. Analowa, naliza okha.

Kete kete kete kete.

Sindinamvepo kaphokoso kaja kakumveka bwino ngati m'mawa umenewo. Tinapita ku bwalo la ndege. Pobwerera anangonena kuti Loweruka ndikabwereke zitsulo kwa makaniko wanga, tidzakonze tonse awiri, iwo akuona.

Mbemba uja anandibwereka sipanala, sikuludilaiva ndi timipeni take, nandiuza kuti ndikabweze ndisanapite kumudzi. Loweruka m'mawa alamu anatulutsa mpando wa m'khitchini n'kuuika pafupi ndi boneti. Ndinachotsa chivundikiro, n'kuwaonetsa roka ija, ndi kadzenje kake. Anapisapo chala, navomereza kuti kalipo. Ndiye anafunsa funso lanzeru ndithu, loti ngati kadzenje kakuwonjezera mpata, bwanji osamanga kuti tibweze zimene kadzenje kaba. Ndinati n'zoona, pang'ono tingamange, koma pamene kampeni sikanena zoona palibe amene angadziwe poimira, ndipo kulakwira kothina n'koopsa kuposa kulakwira kotayirira. Anati tiyese.

M'moyo wanga ndanenererapo mitengo ya zinthu zambiri, koma tsiku limenelo ndinanenerera mpata. Ndinamasula kanati, n'kupotoza sikuluwu pang'ono kwambiri, n'kumanganso. Tinaliza kamphindi. Kete kete, motsika. Ndinati apa ndiye pabwino, apa ndi pamene ngakhale mwini fakitale angasiyire. Alamu anati akukamvabe. Ndinapotozanso kachidutswa, ndikudandaula ngati mayi wogulitsa tomato amene akulumbira kuti akugulitsa moluza. Ndinawakumbutsa za kutentha kwa Okutobala. Ndinatchula mawu a makaniko. Anati makaniko yemweyo ndi amene ndinati wakonza kale. Pamenepo ndinasowa poponda, chifukwa bodza langa la m'mawa linali litadya mawu anga onse, oona omwe. Wogula akakugwira kamodzi ndi sikelo yabodza, ngakhale umuuze kuti kunja kwacha amayamba wasuzumira.

Mkazi wanga anali pa mpope, akuchapa matewera amene anali atachapa kale. Anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Onjezani, alamu," anatero alamu, mofatsa.

Ndinaonjeza. Kampeni kopyapyala kuposa tonse kanakana kulowa. Tinaliza, ndipo injini inali zii, yosalala ngati yatsopano. Alamu anamwetulira, nandigwira paphewa, nati mwaona, zinthu zimafuna kuziimirira. Ine mumtima ndinali nditakonza kale kuti Lolemba, iwo ali mu ofesi, ndidzabwezera mpata uja. Koma anali mlongo wa mkazi wanga, nzeru za m'banjamo ndimazidziwa. Kuyambira tsiku limenelo makiyi ankagona kuchipinda kwawo, m'mawa ankaliza okha injini ili yozizira n'kumvetsera, ndipo tikafika ku ofesi ankakhoma n'kuika makiyi m'thumba. Chotsegulira boneti chinali m'kati. Ndinkangoyendetsa, ngati munthu wonyamula mphika wa eni umene akudziwa kuti uli ndi mng'alu.

Sizinachitike msanga, ndipo chimenecho ndiye chinandizunza. Masabata anadutsa galimoto ikuyenda bwino, alamu akundiyang'ana ndi diso la munthu amene anapambana koma safuna kunyada. Ndinayamba kuganiza kuti mwina Mbemba uja anangondiopseza. Kenako kunatentha. Tikaima pa maloboti injini itafunda, inayamba kunjenjemera pang'ono, chiwongolero chikugwedezeka m'manja. Ndinawauza. Anamvetsera, nati koma siikulira. Pa zitunda inayamba kufuna giya yotsika pamene kale inkakwera yosafunsa. Ndinawauzanso. Anati ndi petulo wa masiku ano.

Inagonja Lamlungu lina masana tikuchokera ku Chelstone, kumene tinakaona abale a akazi awo. Galimoto inali yodzaza, dzuwa lili pamutu. Mphamvu inangothawa, injini n'kuyamba kudumphadumpha, ndipo kumbuyo ku ekizozi kunkamveka fu, fu, fu, ngati munthu wopuma ndi mphuno imodzi. Tinafika ku Woodlands pang'onopang'ono, njinga zikutipitirira.

Ku Kabwata, makaniko anazula mawaya a mapulagi limodzilimodzi injini ikulira. Atazula lachitatu palibe chinasintha, silinda imeneyo inali itafa kale. Anachotsa mutu wa injini, natulutsa valavu ija, naiika m'dzanja langa. M'mphepete mwake munali mobenthuka, mwakuda, ngati pamene khoswe waluma mbatata.

"Onani, mbewa zanu zafika na mu injini," anatero. Koma sanaseke kwambiri. Anandifunsa ngati ndili ndi kwina kokagona.

Tinaikokera kunyumba, n'kuiimika pansi pa mtengo, mutu wa injini uli m'katoni m'kota mwathu, pansi pa bedi. Alamu anayamba kupempha malo m'galimoto ya mnzawo wa ku Kabulonga, chinthu chimene chinkawawawa kuposa kuyenda wapansi. Tiona sananene. Ife tinkagona tikumvetsera. Mkazi wanga anasiya kuyanika zovala pa chingwe cha kutsogolo. Mabeseni anawaika pamodzi pafupi ndi chitseko.

Ndinasaka valavu ngati mmene sindinasakirepo kanthu. M'masitolo a zitsulo m'tauni mashelefu anali oyera, ogulitsa akuwerenga nyuzipepala. Onse ankati zikubwera, ndalama zakunja zikapezeka. Ndinafunsa kwa oyendetsa matakisi, kwa okonza mabasi, kwa anthu amene sindingawatchule ngakhale lero. Gasiketi yatsopano, yotsekera pamene mutu umakumana ndi injini, ndinaipeza kwa munthu wa ku Chilenje amene ankaisunga pamwamba pa kabati ngati chithunzi cha ukwati. Valavu ndinakaipeza ku Makeni, pa famu ina, m'galimoto ya mtundu womwewo imene inagundidwa kumbuyo kalekale ndipo nkhuku zinkaikiramo mazira. Mwini wake anali wouma mtima kuposa ine. Tinakambirana kuyambira m'mawa mpaka mithunzi itatalika, ndipo ndinachoka wopanda jekete. Ndinafunsanso za maroka. Anati amenewo wina anadzatenga chaka chatha, onse ndi mtanda wake womwe.

Ndinabwerera ndi valavu m'thumba la malaya, ndikuigwiragwira m'basi. Ndinkadziwa tanthauzo lake. Galimoto idzayenda, koma roka ndi yomwe ija, ya kadzenje. Kete kete adzabweranso.

Madzulo amenewo alamu anatiitana m'nyumba yaikulu, pabalaza, pamene tinkalowa mwa apo ndi apo. Akazi awo anakhala pambali pawo. Mkazi wanga anakhala pansi pafupi ndi chitseko, mwana pamiyendo. Ndinaika valavu yatsopano ndi yopsa ija patebulo. Alamu anazitenga, naziyerekeza, navula magalasi n'kuyamba kupukuta. Anapukuta nthawi yaitali. Kenako analankhula, osayang'ana ine koma akazi awo, ngati akufotokozera mlendo. Anati galimoto inawonongeka chifukwa matapeti anamangidwa mopitirira, ndipo zoterezi zimachitika munthu akagwira ntchito imene sanaiphunzire. Anati iwo sasunga mangawa, munthu akavomera kulakwa nkhani imatha.

"Si choncho, alamu?"

Akazi awo analipo Loweruka lija, ankatiyang'ana pa zenera la kukhitchini. Mkazi wanga analipo. Tonse anayi m'chipindamo tinkadziwa amene anati onjezani. Koma ine ndakhala pa misika moyo wanga wonse, ndipo mtengo ndimauzindikira ngakhale wabisidwa m'nsalu. Uwu unali lendi ya kota, imene sanaitchule tsiku loyamba lija. Mwini mbumba sakanatha kulakwa pamaso pa mlongo wake ndi mkazi wake, kenako n'kupitiriza kukhala mwini mbumba. Mlanduwo unkafuna mwini, ndipo m'nyumbamo munali mkamwini mmodzi yekha.

"Dzanja linapitirira, alamu," ndinatero. "Mundikhululukire."

Anagwedeza mutu, navala magalasi. Ndipo poti wamalonda salipira osapempha kabasela, ndinapitiriza msanga asanaimirire. Ndinati pali chimodzi chokha. Makaniko wanenetsa kuti akaikonza adzasiya mpata wake wonse, ndipo m'mawa izilira pang'ono mpaka roka ina idzapezeke, apo ayi valavu iyinso ipsa, ndipo ine ndilibenso jekete lina lokasiya ku Makeni. Alamu anayang'ana mavalavu awiri aja patebulo.

"Ngati watero makaniko, izilira," anatero.

Mbemba uja anapera valavu ya ku Makeni ija pamalo pake pokhalira ndi phala lopelera, akuipotoza uku ndi uku pakati pa zikhato mpaka inakhala bwino, nabwezera mutu wa injini, napima mipata yonse injini ili yozizira. Atamva mmene nkhani inathera anati akummawa ndife anthu odabwitsa, timagula ngakhale milandu ya eni, ndipo tikagula timanenereranso.

M'mawa woyamba alamu anandipatsa makiyi pakhonde. Ndinasolola kachitsulo ka oyilo iwo akuona, n'kuwaonetsa. Ndinaliza. Kete kete kete kete. Anakhala kumpando wawo, chikwama pamiyendo, akuyang'ana kutsogolo. Patapita kamphindi anatambasula dzanja n'kutsegula wailesi, nakweza mawu.

Roka ina sinapezeke. Tinakhala m'kota muja zaka, mwana wachiwiri anabadwira momwemo, ndipo galimoto ija sinatisiyenso panjira. Alamu anayamba kunena kuti palibe wina angaigwire koma ine, popeza ndinaphunzira pa cholakwa changa, motero ngakhale pamene mnzanga anandiitana kuti tikayese malonda ku migodi, nkhani inathera pakhonde. Alendo akabwera, ine ndikutsuka galimoto pabwalo, ndinkawamva akufunsa kuti uyo ndani. Alamu ankayankha mokoma mtima, mawu awo odzaza chikhululukiro, kuti awo ndi alamu athu, aja anapsereza valavu. Ine ndinkakweza dzanja lonyowa ndi sopo n'kupereka moni.